Foyilo kapena balayaji: funsani mmene mutu udzaonekere pakatha miyezi iwiri

Loweruka lapitali tinali ndi mlendo, achemwali athu omwe amagwira ntchito yokonza ndi kudaya tsitsi. Ambiri munapempha kuti tilembe zomwe anayankhula, makamaka inu amene simunakwanitse kubwera. Nazi, monga momwe anatiuzira.

Zikomo a tcheyamani, zikomo nonse achimwene ndi achemwali chifukwa chondiitana. Mwandipatsa mutu woti ndisiyanitse njira ziwiri zowalitsira tsitsi: mahayilaiti a foyilo, ndi balayaji. Ndikuona ena mwa inu mukufuna kudzapangitsa, ena mukuphunzira ntchito ya saluni, ndipo anyamata ena apa mwangobwera kudzamva kuti ndalama za achemwali anu zimathera kuti. Nonse mupezapo kanthu.

Ndiyambe ndi mfundo yomwe ndikufuna mupite nayo kunyumba. Tsiku lotuluka mu saluni, njira ziwiri zonsezi zimakongola, ndipo chithunzi chomwe mumajambula tsiku limenelo sichikuuzani zambiri. Kusiyana kwenikweni kumadzaonekera pakatha masabata asanu ndi atatu, tsitsi latsopano litamera pansi. Nthawi imeneyo mutu wina umakhala ukuoneka ngati unapangidwa dala chonchi, pamene wina umakhala ukupempha kubwerera ku saluni. Ndiye tiyeni tione chomwe chimachititsa.

Poyamba timvetse kuti bulichi amachita chiyani. Anthu ambiri amaganiza kuti bulichi ndi penti yoyera yomwe timapaka pamwamba pa tsitsi. Ayi ndithu. Tsitsi lili ndi mamba kunja kwake, ngati mamba a nsomba, ndipo mkati mwake muli utoto wachilengedwe wotchedwa melanini, womwewu umene umadetsa khungu lathu. Tikasakaniza ufa wa bulichi ndi perokisaidi, mankhwalawo amatukula mamba aja n'kulowa mkati, ndipo amaswa melanini pang'onopang'ono. Utoto womwe wachokawo subwereranso. Mbali ya tsitsi yomwe yawalitsidwa imakhala choncho mpaka tsiku lomwe mudzaidule kapena kuipaka dayi wina. Koma muzu womwe uli pansi pa khungu sudziwa n'komwe kuti kunja kwachitika zotani. Iwo umangopitiriza kutulutsa tsitsi lakuda bii, monga unkachitira kale.

M'masaluni timayeza kuda ndi kuwala kwa tsitsi ndi manambala, kuyambira levulo 1 mpaka levulo 10. Levulo 1 ndi lakuda kotheratu, levulo 10 ndi loyera lachikasu chotuwa. Ambirife tsitsi lathu lili pa 1 kapena 2. Inu amene mumagula meshi mukuwadziwa kale manambala a pa paketi: 1B ndi wakuda wa masiku onse, 30 ndi wofiirira uja, 27 ndi wa mtundu wa uchi, 613 ndi woyera uja. Manambala a meshi si ofanana ndi malevulo, koma akuthandizani kuona m'maganizo mtundu womwe ndikunena. Tsono tsitsi lakuda likamawala silidumpha. Limadutsa kaye pa kufiira, kenako mtundu wa lalanje, kenako chikasu, ndipo pomaliza chikasu chotuwa. Ulendowu suusintha munthu. Funso limangokhala lakuti bulichi wanu akufikitsani pati asanatope.

Apa mpamene foyilo imalowera. Foyilo ndi pepala lopyapyala la aluminiyamu, longa lomwe timaphimbira chakudya. Wokonza tsitsi amatenga kachigawo kopyapyala ka tsitsi, n'kulowetsa mchira wa chipeso mkati ndi kunja ngati akusoka, kuti asankhe timitolo tina n'kusiya tina. Timitolo tosankhidwato amatigoneka pa foyilo, amatipaka bulichi kuyambira pafupi ndi khungu mpaka kunsonga, kenako amapinda foyiloyo. Amasiya kampata kakang'ono, mamilimita awiri kapena atatu, chifukwa bulichi amafufuma akamagwira ntchito, ndipo akasefukira amasiya timadontho pamizu.

Foyiloyo ili ndi ntchito ziwiri. Imasunga chinyezi, ndipo imasunga kutentha. Bulichi akauma amasiya kugwira ntchito, basi. Mkati mwa foyilo sauma msanga, motero amapitiriza kuswa melanini nthawi yonse yomwe mwamupatsa. N'chifukwa chake foyilo imatha kukweza tsitsi malevulo asanu, asanu ndi limodzi, nthawi zina kuposa apo, ngakhale ndi perokisaidi wa voliyumu 20, yemwe mphamvu yake ndi 6 peresenti. Kuwalako kumakhalanso kofanana kuchokera kumizu mpaka kunsonga.

Balayaji ndi nkhani ina. Dzinali likuchokera ku mawu a Chifalansa otanthauza kusesa, ndipo njirayi inayambira m'masaluni a mumzinda wa Parisi m'zaka za m'ma 1970. Palibe kusoka ndi chipeso, palibe kukulunga. Wokonza amagwira kamtolo ka tsitsi, n'kumasesa bulichi pamwamba pake ndi bulashi, monga wojambula amachitira pa nsalu. Kumtunda amangokhudza pang'ono, dzanja lopepuka. Akamatsika amawonjezera, ndipo kunsonga amapaka mokhutitsa, mbali zonse. Kawirikawiri amajambula ngati chilembo cha V: mizere iwiri ya m'mbali imakwera kufupi ndi mizu, pakati pamakhala pakuda. Kamtolo kena amayambira masentimita 5 kuchokera pakhungu, kena 8, kena 10. Sizifanana, ndipo amachita dala.

Popeza bulichiyo ali pamtetete, amauma. Pofuna kuchedwetsa zimenezi, amamusakaniza wolimbirapo ngati phala logwira, ndipo masaluni ambiri amagwiritsa ntchito bulichi wosakaniza ndi dongo. Dongolo limauma kunja n'kupanga kachikhokho, mkati mukadali monyowa. Ena amayala pulasitiki yopyapyala pamwamba. Komabe mphamvu yake sifika pa ya foyilo. Yembekezani malevulo atatu kapena anayi, ngakhale atagwiritsa ntchito voliyumu 30, yemwe ndi 9 peresenti. Muwerenge nokha: mukayambira pa levulo 2, n'kukwera atatu kapena anayi, mwafika pa 5 kapena 6. Pamenepo ndi pa kufiira ndi lalanje paja. Choncho mukaona chithunzi cha balayaji yoyera mbee pa foni, dziwani kuti mwina mwini wakeyo tsitsi lake linali lowala kale, kapena anabwerera ku saluni kangapo, kapena anagwiritsako foyilo. Pa tsitsi lathu, balayaji ya ulendo umodzi imatipatsa mtundu woyandikira 30, osati 613.

Tsopano tiyeni titenge atsikana awiri, ongoyerekeza. Onse tsitsi lawo ndi lachilengedwe, silinaonepo rilakisa kapena dayi, lili pa levulo 2, ndipo likakokedwa limatalika masentimita 20. Woyamba wapanga foyilo, wafika pa levulo 8, amupaka tona wa mtundu wa uchi. Wachiwiri wapanga balayaji, wafika pa levulo 6, amupaka tona wofiirira ngati shuga wopsereza. Tona ndi utoto wopepuka womwe timapaka pambuyo pa bulichi kuti tiziziritse lalanje kapena chikasu chija. Musamuiwale, abweranso m'nkhaniyi.

Tsitsi la munthu limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi. Lathu lopotanali nthawi zambiri limachepera pang'ono apo, koma kuti masamu asativute tingoti sentimita imodzi.

Tsiku loyamba, wa foyilo ndiye akuwina, tisanamizane. Kuwala kwayambira pamizu penipeni, nkhope yawala, aliyense akumufunsa kuti wapangitsa kuti. Wa balayaji akuoneka bwino, koma mofatsa. Pamwamba pa mutu pakadali pakuda, kuwala kukuonekera cha m'munsi, ngati tsitsi la mwana yemwe watandala padzuwa chilimwe chonse.

Pakatha masabata anayi, aliyense wamera sentimita imodzi yakuda. Kwa wa foyilo, kampata ka mamilimita atatu kaja tsopano kaposa sentimita. Kakula kanayi. Akagawa tsitsi pakati, kamzere kakuda kayamba kuoneka mbali zonse ziwiri za mpatawo. Kwa wa balayaji, kuwala komwe kunayambira pa masentimita 5 tsopano kuli pa 6, komwe kunali pa 8 kuli pa 9. Ndani angazindikire zimenezo? Ngakhale mwini wake sangaone.

Pakatha masabata asanu ndi atatu, mpamene nkhani imakhala poyera. Wa foyilo ali ndi masentimita awiri akuda, ndipo pansi pake pali mzere wowongoka pomwe timitolo tonse towala tikuyambira pamodzi, ngati ana a sukulu ali pa mzere. Diso la munthu limathamangira mzere wowongoka, makamaka ngati mbali ina ndi levulo 2 ndipo mbali ina ndi levulo 8, popanda chilichonse pakati. Wa balayaji alibe mzere, chifukwa timitolo take sitinayambire pamodzi, ndipo kalikonse kamayamba mozilala, kuchoka pakuda kupita pofiirira pang'onopang'ono. Kusiyana kwa mitundu yake n'kochepanso, malevulo anayi okha. Mwaona zinthu zitatu zomwe zikugwira ntchito apa? Pomwe kuwala kwayambira, kaya kwayamba mwadzidzidzi kapena mozilala, ndiponso kutalikirana kwa mtundu wanu wachibadwa ndi mtundu watsopanowo.

Pakatha miyezi inayi, ngati wa foyilo sanabwerereko, ali ndi chipewa chakuda cha masentimita anayi, ndipo mizere yowala ikulendewera pansi pake. Wa balayaji akuonekabe ngati wachita dala, koma naye ali ndi mavuto ake awiri, omwe anthu sakonda kuwatchula.

Vuto loyamba ndi mtundu. Tona sakhalitsa. Amasuluka ndi kuchapa komanso dzuwa, ndipo pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi amakhala atachepa kwambiri. Akachoka, chimatsala ndi chomwe bulichi anasiya pansi. Kwa wa foyilo pa levulo 8, pansi pake pali chikasu chagolide. Kwa wa balayaji pa levulo 6, pansi pake pali lalanje lofiirira, longa njerwa yootcha. Ndiye mizu ya balayaji siivutitsa, koma nsonga zake zimatha kufiira msanga kuposa za foyilo. Mankhwala ake ndi kupita kukapakanso tona yekha, popanda bulichi, ntchito ya mphindi zochepa. Kunyumba, kumbukirani kuti shampu ya pepo ndi ya tsitsi lachikasu, pamene ya buluu ndi ya tsitsi la lalanje. Wa balayaji akagula ya pepo chifukwa choti ndi yomwe yatchuka, angotaya ndalama.

Vuto lachiwiri ndi lakuti kuwala kumatsika. Pofika miyezi isanu ndi umodzi, kamtolo komwe kanayambira pa masentimita 5 kali pa 11, ndipo komwe kanayambira pa 10 kali pa 16. Kuzungulira nkhope kwadanso. Kuwonjezera apo, mtsikanayu wakhala akudulira nsonga zogawanika, ndipo nsongazo ndi zomwe zinali zowala kwambiri. Kumtunda mdima ukutsika, kumunsi sizasi ikukwera. Balayaji siithera pa mzere, imangozimirira mwakachetechete mpaka tsiku lina mudzaone kuti mwangotsala ndi nsonga zofiira.

Tikawerenga maulendo a pachaka, wa foyilo amene akufuna mutu wake uzioneka ngati tsiku loyamba ayenera kubwerera masabata asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu aliwonse. Pachaka ndi maulendo 6 kapena kuposa. Wa balayaji akhoza kupita katatu, mwinanso kawiri, kuphatikiza timaulendo ta tona pakati. Ndiye mukamafunsa mtengo, musafunse wa tsiku limodzi. Balayaji ikhoza kukhala yodula patsikulo chifukwa imafuna dzanja lozolowera, koma inu muchulukitse ndi maulendo a chaka chonse, muone yomwe thumba lanu lingapirire.

Pali chinanso chokhudza kubwererako, ndipo inu ophunzira ntchito mutchere khutu. Kukonza mizu ya foyilo ndi ntchito yovuta kuposa kupanga koyamba. Muyenera kupeza timitolo tomwe tija tinawalitsidwa, n'kupaka bulichi pa masentimita awiri akuda okhawo. Bulichi akadutsa n'kukwera pa tsitsi lowala kale, malo amenewo adyedwa kawiri. Amayera kuposa ena, amafooka, ndipo pakapita masabata angapo tsitsi limathothokera pomwepo. Mudzazindikira poona timatsitsi tatifupi, totalika mofanana, titaima njo pamwamba pa mutu. Bulichi akapanda kufika pamalire, kapena mukamuchotsa asanafike levulo yakale, pamatsala lamba wa lalanje pakati. Mukachita zimenezi maulendo atatu, tsitsi limakhala ndi malamba ngati mbidzi, lililonse likusonyeza tsiku lomwe munthuyo anabwera. Pa balayaji ngozi ili kunsonga. Ulendo wachiwiri dzanja limafuna kusesanso mpaka pansi monga poyamba, chonsecho nsongazo ndi tsitsi lakale kwambiri pamutu, ndipo zadyedwa kale. Ulendo wachiwiri mumangokweza kuwala cha kumtunda, nsonga muzisiye.

Tsono zonse ndanenazi ndi mmene zimaonekera tsitsi likawongoka. Lathu lili ndi khalidwe lake. Likakhala lachilengedwe limakhwinyata, mwina mpaka theka la kutalika kwake kapena kuposa. Masentimita awiri akuda aja amaoneka ngati imodzi, ndipo pa afulo tsitsi limaima n'kubisa mizu yake. Choncho mtsikana wa foyilo yemwe amakonda kusiya afulo akhoza kudutsa miyezi itatu anthu osaona kanthu. Koma tsiku lomwe adzabulowe, kapena kumanga tsitsi kumbuyo, kapena kuluka mizere yogona pamutu, zonse zimaululika. Malukidwe a mizere ndiye oululitsa kwambiri, chifukwa amaonetsa mizu mutu wonse. Ndiye musanasankhe, dzifunseni kuti masiku ambiri tsitsi lanu limakhala motani. Ngati mumaluka meshi mwezi ndi mwezi, tsitsi lanu lili mkati, kuwala komwe mwalipira kuoneka masiku angati pachaka? Mwina n'kwabwino kungogula meshi ya 27 n'kusakaniza ndi 1B, tsitsi lanu lipume.

Kupotana kumakhudzanso kapangidwe. Timitolo topyapyala kwambiri ta foyilo timasochera mu afulo, timangooneka ngati fumbi lofiirira. Pa tsitsi lopotana timatenga timitolo tokulirapo, kapena kupaka mpoto umodziumodzi, tikuona pomwe ukugwera tsitsi likauma. Wina akakubulowani n'kujambula balayaji pa tsitsi lowongoka, osaganizira kuti lidzakhwinyata, V wokongola uja amadzasanduka zigamba mukangochapa. Mudziwenso kuti bulichi amamasula mpoto. Timitolo towala timatha kulendewera motalikirapo kuposa tinzake takuda, ndipo timauma msanga, motero timafuna kondishona ndi mafuta pafupipafupi.

Mmodzi wa inu wandifunsa pakhomo paja kuti: achemwali, nanga ngati ndikufuna kuwala kwa foyilo koma sindikufuna mzere? Zimatheka, njira zilipo ziwiri. Yoyamba, wokonza amapesa kamtolo chobwerera kumizu, kuti tsitsi lalifupi likwere n'kupanga kamtsamiro, kenako amapaka bulichi pa lotsalalo mosesa ngati balayaji, n'kulikulunga mu foyilo. Foyilo ikupereka mphamvu, kupesa chobwerera kukuchotsa mzere, chifukwa akadzapesanso tsitsi lakuda lija limatsika n'kusakanikirana ndi lowala. Pa tsitsi lakuda ngati lathu, zithunzi zambiri zomwe zimatchedwa balayaji zimapangidwa chonchi. Koma kumasula kamtsamiro kaja pa tsitsi lopotana kumafuna kondishona wambiri ndi kudekha, apo ayi lidukaduka. Njira yachiwiri, mukamaliza foyilo ya nthawi zonse, mumapaka utoto woderapo pa sentimita imodzi kapena ziwiri za kumizu, n'kuukokera pansi pang'ono ndi chipeso. Mwapanga mthunzi womwe udzalandire tsitsi latsopano likamamera. Zimenezi zimakuwonjezerani masabata angapo, ngakhale mthunziwo nawo umasuluka.

Anyamata, ndi atsikana a tsitsi lalifupi, ndisakusiyeni. Balayaji imafuna mtunda woti mtundu usinthire pang'onopang'ono. Pa tsitsi la masentimita anayi kapena asanu mtundawo palibe. Chomwe chimatheka ndi kuwalitsa nsonga zokha, ndipo mukapita kwa ometa kawiri zapita. Kumbali ina zimenezi n'zabwino: simudzalimbana ndi mzere, makina ometera ndiwo adzathetse nkhani.

Nanga mawigi? Wigi simera, ndiye mmene yapangidwira ndi mmene idzakhalire, kupatula tona yemwe amasulukabe. Komatu onani chinthu chimodzi. Wigi yokhala ndi mizu yakuda ngati balayaji imagwirizana ndi tsitsi lanu la m'mphepete mwa chipumi, pamene yowala kuyambira pamizu imaonetsa pomwe yathera. Ndipo bulichi amagwira pa tsitsi la munthu lokha. Wigi ya ulusi wa pulasitiki ilibe melanini woti aswe, mungoiononga.

Ndisanakhale pansi, pali anthu atatu omwe ndimawabweza, kaya akufuna foyilo kaya balayaji. Woyamba ndi wa rilakisa. Rilakisa amaswa zomangira za mkati mwa tsitsi kuti liwongoke, bulichi naye amadya mkati momwemo. Mukaphatikiza ziwirizi, makamaka mkati mwa foyilo momwe mphamvu ndi yochuluka, tsitsi limatha kutsalira m'manja mukamachapa. Ndipo taganizirani za kukula kwake: miyezi iwiri kapena itatu iliyonse mukufuna rilakisa pamizu, nthawi yomweyo mukufunanso bulichi pamizu pomwepo. Malire amenewo sapirira.

Wachiwiri ndi amene wakhala akupaka dayi wakuda wa m'kabokosi, kapena hena. Utoto umenewo umaunjikana, makamaka kunsonga, ndipo bulichi amauchotsa movutikira. Mizu yomwe sinadayidwe imawala msanga, pakati pamafiira, nsonga zimakana. Pa balayaji zimenezi zimatembenuza chithunzi chonse, chifukwa malo omwe amayenera kuwala kwambiri ndi omwe akutsala akuda. Madayi ena alinso ndi michere ya zitsulo yomwe ikakumana ndi perokisaidi imatenthetsa tsitsi mpaka foyilo kuotcha m'manja. Chonde muzinena zoona wokonza akakufunsani zomwe munapakapo. Tsitsi la masentimita 20 lili ndi mbiri ya pafupifupi zaka ziwiri, ndipo dayi wa chaka chatha akadali momwemo ngakhale inu munamuiwala.

Wachitatu ndi amene akukana kuyeza. Kuyeza kulipo kuwiri. Koyamba ndi kwa khungu: kadontho ka tona kapena dayi kuseri kwa khutu, maola 48 lisanafike tsiku. Pakayabwa, pakatupa kapena kufiira, osapitiriza, chifukwa anthu ena matupi awo sagwirizana ndi mankhwala a mu dayi, ndipo nkhope yonse imatha kutupa. Kwachiwiri ndi kwa tsitsi: kamtolo kamodzi ka kunkhongo, tikapake bulichi yemwe tikufuna kugwiritsa ntchito, tiziyang'ana mphindi khumi zilizonse, osadutsa nthawi yolembedwa pa chitini, yomwe kawirikawiri ndi mphindi 45 kapena 50. Tikatsuka, tikakoke kali konyowa. Tsitsi labwino limatanuka pang'ono n'kubwerera. Likatanuka ngati chingamu osabwerera, kapena likamamveka lotelera ngati therere, ndiye kuti yankho lapezeka, mutu wonse tiusiye. Kamtolo kameneka kamakuuzaninso levulo yomwe tsitsi lanu lingafike, ndiye mumadziwiratu ngati balayaji yapamtetete ikukwanirani kapena mufunika foyilo.

Mukakhala pampando paja, funsani mafunso atatu awa. Kuwala kuyambira masentimita angati kuchokera pakhungu? Tsitsi langa lifika levulo iti, ndipo tona akasuluka pansi pake padzakhala mtundu wanji? Ndidzabwerenso liti, kudzapanga chiyani? Wodziwa ntchito amayankha osazengereza, ndipo ngati ali ndi zithunzi za makasitomala ake atabwerera patatha miyezi iwiri, mupemphe muone zimenezo, osati za tsiku loyamba zokha.

Ngati mukufuna kuwala kwambiri kuyambira pamizu, ndipo muli ndi nthawi ndi ndalama zobwerera miyezi iwiri iliyonse, foyilo ndi yanu. Ngati mukupita kusukulu yogonera konko teremu yonse, kapena mukudziwa kuti saluni mudzaionanso pa Khirisimasi, tengani balayaji, muvomere mtundu wofiirira, ndipo musunge kandalama ka tona.

A tcheyamani akundionetsa wotchi. Ndabweretsa timitolo tiwiri ta tsitsi, kena kopangidwa ndi foyilo, kena ndi balayaji, tili patebulo apo pamodzi ndi rula. Bwerani mutseke masentimita awiri a kumtunda ndi kansalu kakuda, kenako anayi, muone ndi maso anu zomwe ndimanena.